Mphindi Imodzi Imanyamula Mawu Angati?

Pali mtundu wina wa uthenga wa malonda umene umadutsa pa wailesi ya kanema munthu n'kutsala akudzifunsa kuti kodi amagulitsa chiyani. Wolankhula amathamanga ngati akuthawa mvula, mpweya ukumuthera pakhosi. Pamene akunena za munda, zithunzi zafika kale m'sitolo. Pamene akuyamba kutchula nambala ya foni, nthawi yatha, ndipo pulogalamu ina yalowa. Kawirikawiri wolankhulayo alibe mlandu, wojambula nayenso anagwira ntchito yake bwino. Vuto limakhala litayambira papepala, pamene wolemba analemba mawu ochuluka kuposa amene masekondi 60 angathe kunyamula.

Nthawi ya malonda pa wailesi imagulitsidwa m'zigawo zoyezedwa, monga masekondi 30 kapena 60, ndipo uthenga ukapitirira muyezo umadulidwa kapena umabwezedwa kuti ukakonzedwe. Ndiye chifukwa chake olemba mauthenga otere amayamba ndi masamu asanayambe kukometsa mawu. Masamu ake ndi osavuta. Chofunika ndi kudziwa kuti wowerenga amatchula mawu angati pa sekondi imodzi, komanso kuti chidutswa chilichonse cha kanema chikutenga masekondi angati.

Muyezo wa Chingerezi sugwira pa Chichewa

Anthu ambiri ophunzira ntchitoyi amamva lamulo lakuti mphindi imodzi imanyamula mawu pafupifupi 150, kutanthauza mawu awiri ndi theka pa sekondi. Lamuloli ndi loona ndithu, koma ndi la Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Chichewa chimamanga ganizo lonse m'liwu limodzi. Liwu lakuti *tidzakubweretserani* likunena wobweretsa, nthawi yobweretsera ndi wolandira, zonse pamodzi, ndipo pakamwa limatenga nthawi yaitali. Wolemba amene wadzaza pepala ndi mawu 150 a Chichewa poganiza kuti wakwanitsa mphindi imodzi, akalowa mu situdiyo amapeza kuti wadutsa mphindi ndi theka.

Izi zimaoneka kwambiri pamene kampani yajambula kanema mmodzi koma ikufuna mauthenga awiri, wa Chingerezi ndi wa Chichewa. Zithunzi zimadulidwa motsatira mawu a Chingerezi, kenako wina n'kupatsidwa pepala kuti amasulire chiganizo chilichonse. Zomasulirazo zimatalika, zithunzi sizisintha, ndipo wowerenga amauzidwa kuti angofulumirako. Njira yabwino ndi yakuti wa Chichewa alembe uthenga wake mwatsopano, akuyang'ana zithunzi ndi wotchi, osati pepala la mnzake.

Choncho muyezo uyenera kuchokera pakamwa pa munthu amene adzawerengeyo. Mupatseni ndime ya Chichewa ya mawu 60, yofanana ndi zimene adzawerenge, ndipo aiwerenge mokweza, ndi mawu amene adzagwiritse ntchito pojambula. Inu mugwire wotchi ya pafoni. Awerenge kangapo, chifukwa ulendo woyamba munthu amapunthwa, ndipo akaizolowera kwambiri amayamba kuthamanga. Tiyerekeze kuti ndimeyo yamutengera masekondi 40. Mukagawa 60 ndi 40 mupeza liwu limodzi ndi theka pa sekondi. Ndiye kuti mawu 150 aja, kwa wowerenga ameneyu, angatenge masekondi 100.

Wolemba asadziyese yekha powerenga chamumtima. Maso amathamanga kuposa lilime, sapuma, ndipo sameza malovu. Ngakhale atawerenga mokweza, mwini zolemba amadziwa kale liwu lotsatira, motero amafulumira kuposa munthu amene akuyesetsa kuti womvera amve.

Pamene kuwerenga mawu kumanama

Kuwerenga mawu kumathandiza poyerekeza uthenga wonse, koma pa chiganizo chimodzi kumatha kusocheretsa. Taonani ziganizo ziwiri izi, chilichonse cha mawu asanu ndi limodzi. Choyamba: "Uwu ndi mtedza wa ku Mchinji." Chachiwiri: "Tidzakubweretserani chiponde chokonzedwa mwaukhondo mukangotiimbira foni." Potsatira muyezo wa liwu ndi theka, zonse ziwiri ziyenera kutenga masekondi anayi. Koma mukazitchula, choyamba chimatha pa masekondi awiri ndi theka, pamene chachiwiri chimadutsa masekondi asanu ndi limodzi.

Chimene chikusiyanitsa ndi maphatikizo, omwe aja tinkaombera m'manja ku pulayimale. Chiganizo choyamba chili ndi maphatikizo 11, chachiwiri 28. Mwayi wake, maphatikizo a Chichewa savuta kuwerenga: lembo la liwu lililonse, a, e, i, o kapena u, ndi phatikizo limodzi, ndipo muwonjezereko *m* woima payekha monga wa mu *m-te-dza* ndi *M-chi-nji*. Mukawerenga maphatikizo a ndime yoyesera ija n'kupeza 180, ndiye kuti wowerenga wanu akutchula maphatikizo anayi ndi theka pa sekondi. Muli ndi miyezo iwiri tsopano. Wa mawu ndi wokuuzani kukula kwa uthenga wonse. Wa maphatikizo ndi woyezera chiganizo pa chidutswa chake cha kanema.

Palinso kanthu kena ka m'Chichewa kamene kamadya nthawi mosaonekera. Tikafika pa mpumiro, kaya pakati kapena pamapeto a chiganizo, timakoka pang'ono phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tchulani "timasankha ndi manja" mumve mmene *ma* wa mu *manja* akutalikira. Uthenga wa tiziganizo tifupitifupi tambiri uli ndi mipumiro yambiri, choncho umatenga nthawi yoposa imene maphatikizo akuonetsa. N'chifukwa chake ndi bwino kusiya malo pang'ono pa chidutswa chilichonse m'malo mochidzaza mpaka pakamwa.

Chitsanzo: kanema wa chiponde

Tiyerekeze kuti gulu la amayi opanga chiponde lajambulitsa kanema wa mphindi imodzi. Wolumikiza zithunzi wamaliza kudula, ndipo wolemba wakhala pansi n'kulemba pamene chidutswa chilichonse chikuyambira ndi kuthera:

- Sekondi 0 mpaka 5: amayi akukumba mtedza m'munda
- 5 mpaka 13: manja akusankha mtedza palichero
- 13 mpaka 22: kukazinga
- 22 mpaka 30: makina akupera, chiponde chikutuluka
- 30 mpaka 38: kuthira m'mabotolo ndi kutseka
- 38 mpaka 47: mwana akupaka pa buledi, mayi akuthira mu phala
- 47 mpaka 56: botolo, mtengo wake ndi nambala ya foni
- 56 mpaka 60: chizindikiro cha gululo

Polemba nthawizi, samalani ndi wotchi ya m'mapulogalamu olumikizira kanema. Ikaonetsa `00:00:26:12`, manambala awiri omalizawo ndi mafulemu, tizithunzi timene timapanga sekondi imodzi. Pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi, 12 ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo mphindi yonse ndi mafulemu 1,500.

Masekondi 60 onsewo si olankhula. Awiri oyambirira asiyidwe kuti woonera akhazikike, amve khasu ndi nyimbo. Awiri omaliza asiyidwenso kuti chizindikiro chioneke popanda mawu, komanso kuti uthenga ukadulidwa msanga pang'ono pasatayike liwu. Pa zidutswa zapakati, sekondi imodzi imapita posiya theka kumayambiriro ndi theka kumapeto, ndipo pa kukazinga tisiye awiri kuti mtedza umveke ukuthetheka. Zonsezi zikachotsedwa, patsala masekondi 49. Kwa wowerenga wathu, amenewa ndi mawu pafupifupi 73, kapena maphatikizo 220. Thumba lake ndi limeneli, ndipo silitanuka.

Tsopano tione chidutswa chachiwiri, cha kusankha mtedza. Chili ndi masekondi asanu ndi awiri olankhula, omwe ndi maphatikizo 31. Wolemba poyamba analemba kuti: "Alimi athu akakolola mtedza, timaonetsetsa kuti tausankha mosamalitsa kwambiri kuti mudzalandire chiponde chokoma ndiponso chopatsa thanzi." Chiganizochi n'chabwino papepala, koma chili ndi mawu 16 ndi maphatikizo 54, omwe ndi masekondi 12. Chapitirira ndi masekondi asanu. Chikasiyidwa choncho, wowerenga adzakhala akunenabe za kusankha pamene mtedza uli kale pamoto, ndipo kuchedwako kudzapatsira zidutswa zonse zotsatira.

Pochepetsa, funso loyamba ndi lakuti kodi ndi ziti zimene chithunzi chikunena kale. Kukolola kwaoneka m'chidutswa choyamba, choncho "alimi athu akakolola mtedza" achoke. "Timaonetsetsa kuti" ndi mawu a mu lipoti la ku ofesi, amadya maphatikizo asanu ndi atatu popanda kuuza woonera kanthu. "Chokoma ndiponso chopatsa thanzi" angathe kunenedwa pa chakudya china chilichonse. Chimene chithunzi sichingathe kunena ndi chifukwa chosankhira. Choncho chiganizo chatsopano chikhale: "Timasankha ndi manja, njere imodziimodzi. Wowola, wofumbwa ndi wachuku timataya." Mawu ndi 10, maphatikizo 29, masekondi asanu ndi limodzi ndi theka. Chakwana, ndipo chikuuza wogula zambiri kuposa chachitali chija.

Liwu ligwere pa chithunzi chake

Kukwana kokha sikumaliza ntchito. Mkati mwa chidutswa muli kamphindi kamene chinthu chofunika chimaoneka, ndipo liwu lotchula chinthucho liyenera kugwera pomwepo. M'chidutswa chachinayi, makina ayamba kuzungulira pa sekondi 22, koma chiponde chikuyamba kutuluka pa sekondi 26. Wowerenga akayamba pa 22 ndi theka, ali ndi masekondi atatu ndi theka, omwe ndi maphatikizo 15 kapena 16, asanafike pa liwu lakuti chiponde.

Wolemba akalemba kuti "Chiponde chosalala chimatuluka makina athu akapera," liwulo lidzamveka woonera akuona mtedza wosapera, ndipo chiponde chikadzatuluka mawu adzakhala atatha. Kungotembenuza chiganizo kumakonza zonse: "Makina athu amapera pang'onopang'ono, chiponde n'kumatuluka chosalala." Kuchokera pa *Makina* kufika pa *pang'onopang'ono* pali maphatikizo 15, pakubwera mpumiro, kenako liwu ndi chithunzi zikufikira limodzi. Liwu likatsogola pang'ono kapena kutsatira pang'ono, woonera sazindikira. Koma likasiyana ndi chithunzi masekondi awiri kapena atatu, maso ndi makutu zimayamba kukokana, ndipo munthu amasiya kumvetsera.

Manambala ndiwo amagwetsa ambiri

Chidutswa chachisanu ndi chiwiri chimaoneka chopepuka kwambiri papepala: "Botolo ndi K4,500. Imbani" kenako nambala ya foni. Kompyuta ikawerenga, imati mawu ndi asanu, masekondi atatu okha. Koma K4,500 pakamwa ndi *folo sauzande faifi handiredi kwacha*, maphatikizo 15, omwe paokha akudutsa masekondi atatu. Nambala ya foni ya ku Malawi ili ndi manambala khumi, ndipo kuti munthu aigwire, wowerenga sangapitirire manambala awiri pa sekondi, akuwagawa m'timagulu. Amenewo ndi masekondi asanu. Tikaphatikiza ndi "botolo ndi" komanso "imbani", chidutswachi chikufuna masekondi 10, pamene chili ndi asanu ndi atatu.

Lamulo lake ndi lakuti papepala la wowerenga, nambala iliyonse, mtengo, tsiku ndi dzina lofupikitsidwa zilembedwe m'mawu monga mmene zidzatchulidwire, ndipo ziwerengedwe choncho. Zikatero vuto limaonekera wolemba asanalipire situdiyo.

Pali njira ziwiri zokonzera. Yoyamba ndi kusiya nambala ilembedwe pa kanema, wowerenga n'kungoti "Imbani pa nambala iyi." Imagwira bwino ngati uthengawo ndi wa kanema wokha, koma ngati mawu omwewo adzaulutsidwanso pa wailesi ya mawu, nambala iyenera kumveka. Njira yachiwiri ndi kubwereka nthawi ku chidutswa china. Cha mabotolo chili ndi masekondi asanu ndi atatu, koma mawu ake ndi ochepa: "Botolo lililonse timalitseka tsiku lomwelo, mwaukhondo." Maphatikizo 21 amenewa safika masekondi asanu. Wolumikiza zithunzi akadulako masekondi awiri n'kuwapereka ku chidutswa cha mtengo, nambala imakwana, ngakhale kuti malo oibwerezera palibe. Apa ndi pamene wolemba ndi wolumikiza ayenera kukhala pa tebulo limodzi, chifukwa nthawi zina ndi zithunzi zimene ziyenera kusunthira mawu.

Zidutswa zotsala sizivuta. Choyamba chikutenga "Uwu ndi mtedza wa ku Mchinji." Cha kukazinga chikuti "Timaukazinga pa moto wochepa mpaka fungo litamveka, osaupsereza," maphatikizo 27. Cha mwana ndi phala chikuti "Pakani pa buledi, thirani mu phala la ana, kapena tenderani ndiwo zamasamba," maphatikizo 29 m'malo okwana 36, ndipo otsalawo akudyedwa ndi mipumiro iwiri ija. Chomaliza chili ndi masekondi awiri, okwana dzina la gululo basi. Mukawerenga uthenga wonse monga waonekera papepala, mawu sakufika n'komwe 60, koma mphindi yadzaza.

Mwini malonda akaona pepala lalifupi chonchi, nthawi zambiri amaona ngati wabedwa. Tcheyamani wa gulu angathe kunena kuti, "Achimwene, muwonjezeremo kuti timapezekanso pa msika Loweruka lililonse." Wolemba wodziwa ntchito sakana, koma amawerenga pamaso pawo: "Mayi, mawu amenewa ndi masekondi anayi. Tichotse za kutendera ndiwo, kapena tichotse mtengo?" Munthu akaona kuti chilichonse cholowa chikutulutsa chinzake, amasankha yekha chofunika.

Kuyesa musanalowe mu situdiyo

Masamu amangokufikitsani pafupi. Chotsimikizira ndi kujambula mawu oyeserera pafoni, kuwaika pansi pa zithunzi, n'kuonera zonse pamodzi. Pomvetsera pali zizindikiro zingapo zosonyeza kuti mawu achuluka. Wowerenga amapuma pakati pa mawu oyenera kuyendera limodzi, monga pakati pa "phala" ndi "la ana". Maphatikizo omaliza amamezedwa, *timataya* n'kumveka ngati *timata*. Theka loyamba limayenda modekha koma lachiwiri n'kumathamanga, chifukwa wowerenga waona wotchi. Chizindikiro china ndi chakuti chiganizo chikudutsa malire a chidutswa mobwerezabwereza, ndipo pofika pakati mawu atsalira ndi chidutswa chathunthu.

Mawu akachepa kwambiri zimadziwikanso. Wowerenga amakoka liwu lililonse ngati akuwerengera ana a nasale, kapena pamakhala chete wautali pamene chithunzi sichikusonyeza chatsopano. Mankhwala ake si kuthiramo mawu odzazira malo. Ndi bwino kufupikitsa chidutswacho, kapena kulola phokoso lenileni la ntchito limveke. Kulira kwa makina opera kwa masekondi awiri kumagulitsa chiponde kuposa "chokoma kwambiri" wachitatu.

Mawu akapitirira pang'ono atajambulidwa kale, wolumikiza amayamba ndi kudula mipata ya pakati pa ziganizo, mafulemu angapo apa ndi apo, osachotsa kupuma konse chifukwa munthu wosapuma amatopetsa womvera. Zikakanika, mapulogalamu a mawu ali ndi chida chofulumizitsa kalankhulidwe popanda kusintha kukula kwa mawu. Mu Audacity chimatchedwa `Change Tempo`. Kuchotsa masekondi atatu pa 63 ndi kufulumizitsa ndi magawo asanu pa 100, ndipo ambiri sangazindikire. Koma kufinya masekondi 75 kuti akhale 60 ndi magawo 25 pa 100, ndipo khutu la aliyense limamva kuti amene akulankhulayo si mmene munthu amalankhulira. Pamenepo pepala liyenera kubwerera kwa wolemba.

Muyezo wa liwu ndi theka umene tagwiritsa ntchito pano ndi wa wowerenga mmodzi, pa uthenga wodekha wa chakudya. Wolengeza kutsika kwa mitengo amathamangako, wowerenga uthenga wa zaumoyo amachedwerako, ndipo anthu awiri owerenga pepala limodzi sangathere pa sekondi imodzi. Wowerenga akasintha, kapena mtundu wa uthenga ukasintha, ndime yoyesera ija iwerengedwenso, ndipo muyezo watsopano ulembedwe pamwamba pa pepala chiganizo choyamba chisanalembedwe.